Nsungwi zang'aluka pa bawuti, zikugwetsa ufa kapena zapindika: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Kawirikawiri amene amandiitana kuti ndikaone chomangidwa ndi nsungwi amayamba ndi mawu amodzimodzi: «Nsungwi sizilimba.» Ndikafika n'kuyang'ana bwino, ndimapeza kuti nsungwiyo pakati pake ndi yamoyo ndithu. Chaonongeka ndi pomwe inabooledwa, pomwe yatsamira pa inzake, kapena kunsi kwake kumene madzi amakhala. Vuto lake limabwerezabwereza m'njira zomwezo, ndiye ndaona kuti ndi bwino ndilembe motsatira zimene maso amaona.

Musanapite ku zizindikiro, gwirani mfundo imodzi ya mmene nsungwi inapangidwira. Ulusi wake wonse umayenda mulitali, kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, ndipo palibe ulusi wopingasa woumanga pamodzi kupatula pa mfundo. N'chifukwa chake nsungwi imapirira kwambiri ikamakokedwa kapena kupanikizidwa mulitali, koma chikwanje chikangolowa pang'ono kumapeto kwake imang'aluka mosavuta mpaka kutali. Bawuti, msomali, ngakhale kuuma kofulumira, zonsezi zimatha kugwira ntchito ya chikwanjecho. Onjezerani kuti mkati mwake ndi mwa mphako, ndiponso kuti mnofu wake uli ndi sitachi yomwe tizilombo timaikonda, ndiye mwadziwa gwero la pafupifupi vuto lililonse lili m'munsimu.

## Chizindikiro choyamba: mng'alu wochokera pa bawuti

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse, ndiponso loopsa kwambiri, chifukwa silichenjeza nthawi yaitali. Mng'alu umayambira pa bowo la bawuti n'kuthamangira kumapeto kwa nsungwi. Nthawi zina imakhala iwiri yoyendera limodzi, kachidutswa ka pakati pake kakukankhidwira kunja.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Bawuti ili pafupi kwambiri ndi kumapeto, ndipo palibe mfundo pakati pa bawutiyo ndi kumapetoko.
- Nsungwi inamangidwa isanaume, ndiye yafota ili yomangidwa kale.
- Nati inamangidwa mopyola muyeso, pa mphako yopanda kanthu mkati.
- Mabawuti awiri kapena atatu aikidwa moyandikana pa mzere umodzi wa ulusi.
- Bowo linachepa, bawuti n'kukhomeredwa ndi hamala.

Mmene mungaonere. Tengani tepi muyeze kuchokera pa bawuti kufika kumapeto. Malamulo omangira a dziko la Kolombiya, omwe ali ndi gawo lapadera la nsungwi ya mtundu wa gwaduwa, amafuna mamilimita osachepera 150 pamene nsungwi ikukokedwa, ndi 100 pamene ikupanikizidwa. Koma muyeso wokha sukwanira. Yang'anani ngati pali mfundo m'kati mwa mtundawo, chifukwa mfundo ndiyo imaimitsa mng'alu. Kenako lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera, mulembenso tsiku. Mukabwera patatha sabata mng'alu n'kupeza wadutsa chizindikirocho, vutolo likadali lamoyo ndipo musalisiye.

Kuti mudziwe ngati ndi kuuma, yang'anani nsungwi zina zomwe zilibe mabawuti. Ngati nazonso zili ndi ming'alu yaitali, ndipo manati ambiri mukuwazungulitsa ndi zala, ndiye kuti zinamangidwa zili zaziwisi. Ngati nati ndiyo yolakwa, pansi pa washala pamakhala polowa mkati, ndipo nsungwi siikhalanso yozungulira bwino pamalopo.

Nkhani imodzi yoti muoneremo zonse. Ndinakonzapo khonde lofoleredwa ndi malata, la nsanamira zinayi. Mtanda wakutsogolo unali nsungwi ya mamilimita 100 m'mimba mwake, khoma lake lochindikala mamilimita 10, ndipo unamangidwa m'mbali mwa nsanamira ndi bawuti imodzi ya mamilimita 12. Bawutiyo inali mamilimita 60 okha kuchokera kumapeto kwa mtanda. Mfundo yapafupi inali kumbuyo kwa bawuti, osati kutsogolo kwake. Amene anamanga anadula mtandawo kuti ufanane ndi m'mphepete mwa malata, osaganiza za pomwe mfundo yagwera. Mphepo itakweza denga kangapo, mng'alu unatseguka kuchokera pa bowo kufika kumapeto, waukulu woti ndalama yachitsulo n'kulowamo.

Choyamba tinachirikiza denga ndi mitengo iwiri, uku ndi uku kwa nsanamira, tisanakhudze nati. Titamasula, kumapeto kwa mtandako kunatseguka ngati pakamwa. Mtanda wotero sukonzeka ndi guluu kapena waya, choncho tinauchotsa. Watsopano tinausankha ndi tepi m'manja, kufunafuna nsungwi youma yomwe mfundo zake zikugwera pabwino mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti zimenezi zinachititsa kuti utulukire kunja kwa nsanamira kuposa woyamba uja. Bawuti inakhala mamilimita 160 kuchokera kumapeto, mfundo ili pakati. Bowo tinaboola lokulirapo ndi milimita imodzi ndi theka kuposa bawuti, kuti ilowe ndi dzanja. Mphako yomwe bawuti ikudutsamo tinaidzaza ndi simenti yosakaniza ndi mchenga, muyeso umodzi wa simenti ku miyeso itatu ya mchenga, kudzera pa bowo la mamilimita 25. Kumapeto kwake tinamangako lamba wachitsulo wosachita dzimbiri. Chinthu china chomwe tinasintha n'chakuti mtandawo sunakhalenso wolendewera pa bawuti yokha: tinaika kachidutswa ka nsungwi pansi pake, komangidwa ku nsanamira, kuti kulemera kutsikire pamenepo. Mitengo yochirikiza tinaichotsa patatha sabata, simenti itagwira.

Kukonza, mwachidule:

- Mng'alu waufupi womwe waima pa mfundo ndipo sukukula: mangani lamba wachitsulo mbali zonse ziwiri za bawuti, muziuyang'anira.
- Mng'alu wofika kumapeto, kapena wodutsa mfundo: chirikizani, musinthe nsungwiyo.
- Mabawuti angapo: atalikirane mamilimita 150 mpaka 250, ndipo pakhale mfundo pakati pawo.
- Nati imangidwe mpaka washala atagwira bwino. Mukamva nsungwi ikulira, mwapyola.

Za simenti ndichenjezepo, popeza ambiri amaitenga ngati mankhwala a chilichonse. Mukadzaza simenti m'nsungwi yaiwisi, nsungwiyo imafota pamene simentiyo siifota mofanana nayo, ndipo mapeto ake imang'alukira pomwepo. Dzazani nsungwi youma yokha. Matopewo asakhale amadzi kwambiri, ndipo muzigogoda nsungwiyo pothira kuti musatsale mphako.

Misomali nayo ndi nkhani yomweyi. Msomali wokhomedwa popanda kuboola kaye umapatula ulusi ngati nkhwangwa yong'alulira nkhuni. Pa nsungwi yonyamula katundu musakhome msomali konse.

## Chizindikiro chachiwiri: nsungwi yaphwatalala pomwe yatsamira

Mtanda ukakhala pamwamba pa nsanamira, kapena phaso likatsamira pa mtanda, kulemera konse kumasonkhana pamalo aang'ono. Nsungwi yozungulira imayamba kuoneka ngati dzira, kenako ming'alu inayi imatseguka: pamwamba, pansi ndi m'mbali ziwiri.

Zoyambitsa:

- Potsamirapo pagwera pakati pa mfundo ziwiri, pa mphako yopanda chochirikiza.
- Khoma la nsungwiyo ndi lopyapyala, makamaka ngati ndi chigawo chakunsonga.
- Kamwa lomwe linasemedwa pamutu pa nsanamira silikugwirana ndi mtanda, ndiye mtanda wakhala pa tinsonga tiwiri.
- Denga linasinthidwa n'kuikapo zolemera kuposa zoyamba.

Chachitatuchi chimafuna kufotokoza. Polumikiza potchuka kwambiri pa nsungwi ndi pomwe mutu wa nsanamira umasemedwa mokhota ngati kamwa la nsomba kuti mtanda ukhalemo. Kamwalo likasemedwa bwino, mtanda umakhudza mbali yonse. Poyesa, tengani kapepala muyese kukalowetsa mozungulira. Ngati kakulowa pakati koma kakukanika m'mbali, ndiye kuti mtanda ukukankha milomo iwiri ya kamwalo kuti itseguke, ndipo nsanamira idzang'aluka kuchokera pamwamba kutsika. Kamwa lotere liyenera kusemedwa pafupi ndi mfundo, masentimita ochepa chabe pamwamba pake, n'kulisalaza ndi tupa pang'onopang'ono, mukuyesa mtanda weniweni womwe udzakhalepo, chifukwa palibe nsungwi ziwiri zofanana kukula.

Ngati nsungwi yangoyamba kusintha maonekedwe koma sinang'aluke, kwezani katundu ndi jeke pang'ono, mudzaze mphakoyo ndi simenti. Potsamira pakakhala kumapeto kotseguka, mutha kulowetsamo chidutswa cha mtengo wouma chosemedwa molingana, cholowa popanda kukhomerera. Ming'alu ya m'mbali ikaoneka, nsungwiyo yatha ntchito.

## Chizindikiro chachitatu: chomangidwa chonse chikugwedezeka

Mukakankha nsanamira ndi dzanja, denga lonse likuyenda.

- Nsungwi zauma n'kufota, ndiye zingwe ndi manati zamasuka. Izi zimachitika kwambiri m'miyezi yoyamba.
- Palibe nsungwi zopendekeka zochirikiza. Nsanamira ndi mitanda zokha, zolumikizidwa ndi bawuti imodzi, zimazungulira pa bawutiyo ngati chitseko.
- Zingwe zadyeka ndi dzuwa kapena zaola.
- Mabowo a mabawuti akula chifukwa cha kugwedezeka kwa nthawi yaitali.

Mangani manati onse, mosamala monga ndanena. Chingwe chomasuka musachikhwimitse polowetsa kamtengo. Chimasuleni mumange mwatsopano, ndipo chikoloweke pamwamba pa mfundo kapena pa chikhomo chamtengo kuti chisatsetsereke, popeza khungu la nsungwi ndi loterera. Mukamanga zonse koma kugwedezeka n'kukhalapobe, vuto ndi la zochirikiza. Ikani nsungwi yopendekeka kuchokera kunsi kwa nsanamira ina kukafika pamutu pa inzake, ndipo muchite zimenezi m'litali ndi m'lifupi momwe, osati mbali imodzi yokha.

## Chizindikiro chachinayi: ufa ukugwa, pali timabowo

Mukasesa m'mawa, madzulo pansi pali kaufa kotuwira kosalala, ndipo pa nsungwi pali timabowo tozungulira ta milimita imodzi kapena iwiri. Amenewo ndi anankafumbwe a nsungwi. Mphutsi zawo zimadya mnofu wamkati momwe muli sitachi, n'kusiya khungu lakunja likuoneka labwinobwino. N'chifukwa chake munthu amadabwa nsungwi yooneka yathanzi ikuphwanyika m'manja.

Zoyambitsa:

- Nsungwi sizinaikidwe mankhwala.
- Zinaikidwa, koma mankhwalawo sanalowe: anangopakidwa kunja, kapena makoma a mkati mwa mfundo sanabooledwe.
- Zinadulidwa zisanakhwime.
- Mankhwala analowa koma mvula yawakokolola.

Ngati m'malo mwa ufa mukuona tinjira ta dothi tokwera kuchokera pansi, chimenecho ndi chiswe, ndipo gwero lake ndi kukhudzana ndi nthaka. Werenganinso chizindikiro chachisanu.

Mmene mungaonere. Sesani, muyale pepala lakuda pansi pa nsungwi yokayikitsayo, mudikire masiku atatu kapena anayi. Ufa watsopano ukagwa, tizilombo tikadali mkati. Kenako gogodani nsungwiyo ndi chogwirira cha sikuludiraiva mulitali mwake. Yamoyo imalira mokweza bwino, yofumbwa imalira mogontha ndipo ufa umatuluka m'timabowo. Bayani ndi nsonga pomwe yadulidwa komanso pafupi ndi mabawuti. Nsonga ikalowa mosavuta, khomalo latsala khungu lokha.

Kukonza zomwe zamangidwa kale. Apa ndinene mosabisa: nsungwi youma yomwe ili kale padenga siimwa mankhwala bwino. Khungu lake lakunja ndi lolimba ndi lonyezimira, silola madzi kudutsa, choncho kupopera kunja kumangopha tizilombo tomwe tili panja. Ngati timabowo ndi tochepa ndipo khoma likadali lolimba, mutha kuboola kabowo kakang'ono kumtunda kwa mphako iliyonse, kuthiramo madzi a boroni, mankhwala oteteza nsungwi omwe ndafotokoza m'munsimu, kusiya masiku angapo kenako n'kuwatulutsa kudzera pa kabowo kena kumunsi. Zimathandiza, koma sizibwezera mnofu womwe wadyedwa. Nsanamira, mtanda kapena phaso lofumbwa ndi lofunika kulisintha, ndipo lochotsedwalo lisasungidwe pafupi ndi nsungwi zina.

Kuika mankhwala moyenera pa nsungwi zolowa m'malo. Apa ndi poyenera kudekha, chifukwa mukalakwitsa mudzabwerezanso ntchito yonse.

Dulani nsungwi za zaka zitatu mpaka zisanu. Yaing'ono imadziwika ndi khungu lobiriwira kwambiri, nthawi zina lokhala ndi kaufa koyera, komanso makoko omwe akadali pa mfundo zakumunsi. Yokhwima imakhala yotuwira ndipo nthawi zambiri imamera ndere. Njira yodalirika ndiyo kulemba chaka pa mphukira iliyonse ikamatuluka. Sitachi imachuluka mphukira zatsopano zisanatuluke ndipo imachepa zikamaliza kukula, choncho nthawi yabwino yodula ndi pambuyo pake.

Mankhwala ofala ndi boroni, osakaniza asidi wa boriki ndi boraksi. Pa malita 100 a madzi sungunulani makilogalamu 2 a asidi wa boriki ndi makilogalamu 3 a boraksi. Madzi ofunda amasungunula msanga. Kenako:

1. Gwiritsani nsungwi zikadali zaziwisi, patangopita masiku ochepa zitadulidwa. Boroni amayenda m'madzi omwe ali kale m'mnofu wa nsungwi. Ikauma, njira yatsekeka.
2. Boolani makoma onse a mkati mwa mfundo ndi ndodo yachitsulo yaitali, kuti madzi akhudze khoma lamkati lomwe ndi lofewa.
3. Mizani nsungwi zonse m'thanki, muzipsinje ndi zolemera kuti zisayandame, kwa masiku 7 mpaka 14. Za khoma lochindikala zimafuna masiku ochulukawo.
4. Popanda thanki, imikani nsungwi chilili, musiye mfundo yakumunsi yosaboola, mudzaze mkati ndi mankhwala, ndipo muzionjezera tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri.
5. Zikhetseni pamwamba pa thanki, kenako muziumitse pamthunzi podutsa mphepo, zitakwezedwa kuchoka pansi.

Kuumitsa kumatenga miyezi iwiri kapena itatu malinga ndi nyengo. Kuti musaganizire, sankhani chidutswa chimodzi muzichiyeza pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kwake kukasiya kutsika, zauma. Dzuwa lachindunji limaumitsa khungu msanga kuposa mkati, ndipo limabala ming'alu nsungwi isanafike n'komwe pa ntchito.

Valani magolovesi, musapume fumbi la mankhwalawa, ndipo ana ndi ziweto zisayandikire thanki. Madzi otsala amagwiranso ntchito ulendo wina mukawasefa. Musawatayire m'mtsinje kapena m'munda, chifukwa boroni wochuluka amaononga mbewu.

Anthu ambiri amafunsa za kuviika nsungwi m'madzi oyenda kwa masabata angapo, kapena kuzifukiza utsi. Njira zimenezi zimachepetsako sitachi ndipo anankafumbwe amachepa, koma siziletsa chiswe kapena kuola. Pa mpanda kapena chisakasa cha kanthawi n'zokwanira. Pa denga lomwe anthu azigona pansi pake, ine sindingazidalire. Nsungwi yopanda mankhwala, ngakhale ili m'nyumba mouma, imatha zaka zochepa chabe, pamene yoikidwa boroni bwino n'kutetezedwa kumvula imatha zaka makumi angapo.

## Chizindikiro chachisanu: kunsi kwada, kwafewa, kukununkha chinyontho

Kuola kumafuna madzi. Nsungwi yomwe chinyontho chake chili pansi pa magawo 20 pa 100 alionse siiola, choncho funso nthawi zonse ndi lakuti madziwo akuchokera kuti.

- Nsanamira inakwiriridwa m'nthaka kapena kumizidwa mu konkire.
- Mvula yodontha kuchokera kudenga ikuthovukira kunsi kwa nsanamira.
- Kumapeto kwa nsungwi kwayang'ana kumwamba kosatsekedwa, kapena mng'alu wapamwamba ukulowetsa madzi m'mphako.
- Denga likudontha pa polumikiza.

Za konkire ambiri sakhulupirira mpaka ataona. Amaganiza kuti konkire imateteza. Koma nsungwi imafota n'kusiya kampata kozungulira, madzi amalowa m'kampatako ndipo alibe kotulukira, ndiye nsanamira imakhala m'kachitsime kake. Ndakumbapo nsanamira yomwe pamwamba inali yonyezimira bwino, koma chikhatho chimodzi pansi pa konkire inali yoti n'kufinya ndi zala. Boroni sathandizanso pamalo otere, popeza amasungunuka n'kupita ndi madzi.

Bayani ndi sikuludiraiva kuyambira pansi kukwera, mpaka mupeze pomwe nsungwi yalimba. Gwedezani nsungwi zogona, mumve ngati muli madzi. Chuku chakuda chapamwamba chomwe chikuchoka mukapukuta, nsungwi ili yolimba, si kuola. Ndi chenjezo chabe loti malowo sakuuma.

Pokonza, chirikizani denga, mudule nsanamira pamwamba pa powola, ndipo mdulidwewo ugwere pansi pang'ono pa mfundo yamoyo. Umbani chipilala cha konkire kapena cha njerwa chokwera masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pansi, pamwamba pake potsetsereka kuti madzi asaime. M'chipilalacho mutuluke chitsulo cholowa m'mphako za kumunsi kwa nsanamira, zomwe mudzaze ndi simenti, ndipo mupingase bawuti kuti mphepo isazule nsanamirayo. Nsungwi ikhale pamwamba pa chipilala, osati mkati mwake. Pomaliza yang'anani denga: ngati silikutulukira kunja mokwanira kuti mvula ya mphepo isamenye nsungwi, mwakonza theka la vuto. Vanishi ndi penti sizilowa m'malo mwa denga. Sizigwira bwino pa khungu la nsungwi, zimasenda, ndipo zikasenda zimasunga madzi kunsi kwake.

Pa nsungwi zogona zomwe madzi alowamo, boolani kabowo ka mamilimita atatu kapena anayi kumunsi kwa mphako iliyonse yokhudzidwa, mutseke kumapeto koyang'ana kumwamba.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: mtanda wapindika pakati

Nsungwi imapindika kwambiri isanathyoke. Ndiye kawirikawiri mtanda umakhala ndi mphamvu zokwanira koma n'kulendewera moipa.

- Mpata wa pakati pa nsanamira ndi waukulu kwa nsungwi imodzi.
- Inaikidwa yaiwisi, kapena yanyamula katundu wolemera nthawi yaitali, ndiye yazolowera kupindikako.
- Yang'aluka mulitali m'mbali zake ziwiri.
- Yafumbwa mkati.

Kutalika kwa mpata kumapweteka kuposa mmene anthu amaganizira. Pa denga lomwelo, mukachulukitsa mpata kawiri, kupindika sikuchuluka kawiri koma ka 16. Kotero nsanamira imodzi yoikidwa pakati imachita zambiri kuposa kusaka nsungwi yonenepa. Kumene nsanamira singaikidwe, sanjikizani nsungwi ziwiri, ina pamwamba pa inzake, zomangidwa ndi mabawuti m'mphako zodzazidwa kuti zisatsetserekerane, kapena ikani zochirikiza zopendekeka kuchokera ku nsanamira.

Chachitatu pa mndandandawu ndicho chofunika kuchiyang'ana msanga. Kokani chingwe kuchokera kumapeto ena a mtanda kufika kwina kuti muyeze kupindikako, kenako yang'anani m'mbali, makamaka pafupi ndi potsamira. Mng'alu ukadutsa mbali zonse ziwiri, nsungwi yasanduka zibenthu ziwiri zongosanjikizana, ndipo kulimba kwake pokana kupindika kumatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mtanda womwe wapindika mwadzidzidzi, pamene dzulo unali wowongoka, nthawi zambiri vuto lake ndi limeneli. Uchirikizeni tsiku lomwelo.

Nsanamira nazo zimapindika. Yaitali kawiri imanyamula gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a katundu isanakhotere kumbali, ndipo yomwe inali yokhota kale pomanga imanyamula zochepa kuposa pamenepo.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana injiniya

Zambiri zili pamwambapa mmisiri wosamala atha kuzichita pa khonde, chisakasa kapena kanyumba kopanda chipinda chapamwamba. Koma tulutsani anthu, chirikizani ngati n'kotheka popanda kulowa pansi pa choopsacho, ndipo muitane injiniya wodziwa nsungwi ngati:

- chomangidwacho chili ndi nsanja, chipinda chapamwamba, kapena ndi mlatho;
- mumasonkhana anthu ambiri;
- ming'alu yaoneka pa malo olumikizira angapo nthawi imodzi, kapena ikukula tsiku ndi tsiku;
- nsanamira yakhota, kapena chomangidwa chonse chapendekeka;
- mukumva kulira kapena kuthetheka kopanda mphepo;
- kufumbwa kapena kuola kwagwira nsungwi zingapo zonyamula denga;
- mukufuna kusintha denga kuika matailosi, kapena kukweza thanki ya madzi pamwamba;
- malowo amagwedezeka ndi zivomezi kapena amakumana ndi mphepo zamkuntho.

Pomufunsa injiniyayo, tchulani ISO 22156, muyezo wa padziko lonse wa kapangidwe ka zomangidwa ndi nsungwi, womwe unakonzedwanso mu 2021. Amene anagwirapo ntchito ya nsungwi amaudziwa, ndipo sangawerengere nsungwi ngati thabwa wamba. Musanamuitane, yezani kukula kwa nsungwi m'mimba mwake, kuchindikala kwa khoma lake pomwe yadulidwa, kutalika kwa mipata, ndi mtunda wa bawuti iliyonse yong'alukapo kufika kumapeto. Jambulani ming'aluyo tepi ili pambali pake, ndipo mumuuze ngati nsungwizo zinaikidwa mankhwala, a mtundu wanji, kwa masiku angati. Mitengo yochirikiza isachotsedwe mpaka iye atafika.